Makrona 40 pa kilogalamu ya utsi: msonkho umene boma la Sweden limabweza

Pa 1 Januwale 1992, eni ng'anjo zikuluzikulu m'dziko la Sweden anayamba kulipira makrona 40 pa kilogalamu iliyonse ya mpweya wina woipa wotuluka m'machumuni awo. Lamuloli linakhudza malo opangira magetsi, malo otenthetsera madzi ofunditsa nyumba za m'matauni, mafakitale a mapepala ndi ena otero. Mtengowo unali wowawa ndithu, moti chaka choyamba ndalama zonse zinafika pafupifupi makrona 600 miliyoni. Koma boma silinamangire msewu kapena chipatala ndalamazo. Litachotsapo tochepa toyendetsera ntchito, zotsala zonse linabweza kwa eni ng'anjo omwewo, ndipo lakhala likuchita chimodzimodzi chaka ndi chaka.

Womva koyamba akhoza kuseka. Kulanda ndalama ndi dzanja lamanja n'kubweza ndi lamanzere kungasinthe chiyani? Komatu utsi wotuluka pa ntchito yofanana unatsika kwambiri, ndipo unayamba kutsika lamulo lisanayambe n'komwe kugwira ntchito. Kuti timvetse mmene zinatheka, tiyenera kubwerera kaye kwa mphunzitsi wina wa ku England amene dzina lake limatchulidwa pa misonkho yonse ya mtundu uwu.

Ngongole imene palibe akulemba

Arthur Cecil Pigou anabadwa mu 1877 ndipo anamwalira mu 1959. Mu 1908 analowa m'malo mwa mphunzitsi wake, Alfred Marshall, pa mpando wa pulofesa wa zachuma ku yunivesite ya Cambridge. M'buku lake la 1920, The Economics of Welfare, anafotokoza nkhani imene aliyense ankaiona koma mabuku a ndalama a makampani sankaisonyeza. Chimodzi mwa zitsanzo zake chinali sitima ya malasha. Sitima ikamathamanga, timoto timathetheka kuchokera mu injini n'kugwera m'nkhalango za m'mphepete mwa njanji. Kampani ya sitima imalipira malasha, antchito ndi zitsulo, ndipo zonsezi zimalowa mu mtengo wa tikiti. Mitengo yopsayo ikapanda kulipiridwa, tikiti imatchipa kuposa mmene ulendowo wawonongera, choncho sitima zimayenda zochuluka kuposa zimene zikanayenda chilichonse chikanawerengedwa. Anatchulanso utsi wa mafakitale, umene umadetsa zovala, kuwononga nyumba ndi kudwalitsa anthu amene sanagule kalikonse ku fakitaleko.

Kumudzi nkhani yotere siivuta. Mbuzi zikadya chimanga cha mnansi, mwini mbuzi amadziwika, mwini munda amadziwika, mapesi odyedwa amawerengeka, ndipo mlandu umatha kwa amfumu. Katswiri wina wa zachuma, Ronald Coase, anatsutsa Pigou mu 1960 ndi mfundo yofanana nayo: ngati anthu okhudzidwa ali ochepa ndipo ufulu wa aliyense ukudziwika, angathe kukambirana okha popanda msonkho. Koma utsi umachokera m'machumuni mazanamazana n'kugwera anthu mamiliyoni, ena a iwo m'dziko lina. Palibe bwalo limene lingawasonkhanitse onsewo. Apa ndi pamene Pigou anati boma liike msonkho pa ntchito yowonongayo, wolingana ndi chiwonongeko chake, kuti ngongole imene inkagwera ena ibwerere m'buku la ndalama la mwini wake.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri amasokoneza. Msonkho wa Pigou suli ngati chindapusa cha munthu wophwanya lamulo, ndipo cholinga chake si kuthetseratu utsi. Fakitale imaloledwa kutulutsa utsi, koma kilogalamu iliyonse ili ndi mtengo. Mwini fakitale ndiye amasankha: ngati kuchotsa kilogalamu imodzi kukumudyera ndalama zochepa kuposa msonkho, amaichotsa, ngati kukudya zambiri, amalipira msonkho. Boma silifunika kudziwa makina a fakitale iliyonse. Amene angachepetse utsi motchipa amachepetsa kwambiri, amene kwa iye n'kodula amachepetsa pang'ono, ndipo dziko lonse limapeza mpweya wabwinoko pa mtengo wotsika kuposa likanalamula aliyense kuchepetsa mofanana.

Nyanja zopanda nsomba

Dziko la Sweden lili ndi nyanja pafupifupi 100,000, zazikulu ndi zazing'ono. Zambiri zili pa miyala yolimba imene ilibe laimu wokwanira kuthetsa mphamvu ya asidi. Mu 1967 katswiri wa nthaka, Svante Odén, analemba m'nyuzipepala ya Dagens Nyheter kuti mvula ya m'dzikolo ikunka niwawasa chifukwa cha utsi wa mafakitale, wambiri mwa iwo wochokera kumaiko ena a ku Ulaya. M'zaka zotsatira nyanja masauzande zinapezeka kuti zawawasa, ndipo m'zina nsomba zinasiya kuswana mpaka kutha. Kuyambira cha m'ma 1970 boma lakhala likuthira laimu m'nyanja ndi m'mitsinje, ntchito yodula imene iyenera kubwerezedwa nthawi ndi nthawi.

Asidi ameneyu amachokera ku mipweya iwiri. Woyamba ndi wa salufa. Wachiwiri ndi gulu la mipweya imene imapangika naitirojeni akaphatikana ndi okosijeni pamoto, imene akatswiri amailemba mwachidule kuti NOx. Kuwonjezera pa kuwawasa mvula, NOx amapsereza mapapo ndiponso amathira chakudya chochuluka m'madzi mpaka ndere zimakula n'kumaliza mpweya wa nsomba, vuto limene nyanja ya Baltic ikulimbana nalo mpaka lero. Mu 1985 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inagwirizana kuti pofika 1995 NOx akhale atatsika ndi 30 peresenti poyerekeza ndi 1980. Malire olembedwa m'ziphaso za mafakitale anayesedwa, koma zinaoneka kuti paokha safikitsa dziko pamenepo.

Pa salufa zinali zosavuta. Salufa amakhala m'malasha kapena m'mafuta momwemo, ndipo amene walowa m'ng'anjo ndi amene amatuluka m'chumuni pokhapokha atasefedwa. Choncho msonkho wa salufa wa 1991, wa makrona 30 pa kilogalamu, unkawerengedwa pongoyeza salufa wa m'mafuta ogulidwa. N'chimodzimodzi msonkho wa kaboni umene unayamba chaka chomwecho: lita ya dizilo imatulutsa kaboni wofanana, kaya waiwotcha ndani.

NOx ndi wosiyana, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Mpweya umene timapumawu, pafupifupi magawo anayi mwa asanu ndi naitirojeni. Pa kutentha wamba sachita kanthu, koma lawi likapitirira madigiri pafupifupi 1,300, naitirojeni wa mumpweya amayamba kugwirana ndi okosijeni, ndipo kutentha kukamakwera NOx amachuluka mofulumira. Naitirojeni wina amachokera m'nkhuni kapena m'malasha momwemo, koma kuchuluka kwa amene asanduke NOx kumadaliranso mmene mpweya ukulowera m'ng'anjo. Ng'anjo ziwiri zikhoza kuwotcha malasha ofanana a mgodi umodzi, ina n'kutulutsa NOx wowirikiza kawiri. Ngakhale ng'anjo imodzi yomweyo imasintha malinga ndi amene ali pa ntchito usiku umenewo. Msonkho wa pa mafuta sukanathandiza, chifukwa wosamala ndi wosasamala akanalipira mofanana. Panafunika kuyeza utsi weniweniwo m'chumuni, usana ndi usiku.

Chifukwa chobwezera

Makina oyeza utsi mosalekeza ndi odula kugula ndiponso kusamalira. Kuwakakamiza pa kang'anjo ka sukulu kapena ka fakitale yaing'ono kukanawononga ndalama zambiri kuposa phindu lake. Choncho lamulo, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 1990, linangokhudza ng'anjo zazikulu zotulutsa mphamvu zosachepera 50 GWh pachaka. GWh imodzi ndi mayunitsi a magetsi miliyoni imodzi, a mtundu womwe uja timagula wa mita ya kunyumba. Poyamba ng'anjo zokhudzidwa sizinapitirire 200.

Apa panabuka vuto lina. Ng'anjo zazikulu zikamalipira msonkho wowawa pamene zazing'ono sizilipira kanthu, wochenjera aliyense akanasiya yaikulu n'kumanga zazing'ono zingapo, zimene nthawi zambiri zimatulutsa utsi wochuluka pa ntchito yofanana. Lamulo likanabala chimene linkafuna kuthetsa. Komanso mafakitale a mapepala ndi ena ogulitsa kunja akanadandaula, mwachilungamo, kuti anzawo a kumaiko ena salipira zotere. Boma likanatha kutsitsa msonkhowo kuti aliyense aulandire, koma msonkho wotsika susuntha munthu.

Njira imene anapeza inali yobweza ndalamazo, koma poyang'ana chinthu china. Polipira, ng'anjo imalipira malinga ndi makilogalamu a NOx amene yatulutsa. Polandira, imalandira malinga ndi mphamvu yothandiza imene yapanga, kaya magetsi, nthunzi kapena madzi otentha. Chaka chikatha, kampani iliyonse imapereka ziwerengero ziwirizi ku bungwe la boma loona zachilengedwe, Naturvårdsverket. Bungwelo limaphatikiza ndalama zonse, kuchotsapo zoyendetsera ntchito zimene sizifika ndi 1 peresenti yomwe, n'kugawa zotsalazo pa MWh iliyonse imene ng'anjo zonse zapanga. MWh imodzi ndi mayunitsi 1,000.

Tiyeni tiike ziwerengero zongoyerekeza kuti zioneke bwino. Tinene kuti chaka china ndalama zobweza zapezeka kuti ndi makrona 12 pa MWh, kutanthauza kuti ng'anjo yapakatikati imatulutsa magalamu 300 a NOx pa MWh. Pali ng'anjo ziwiri, iliyonse yapanga 100,000 MWh. Yoyamba ndi yakale ndipo yatulutsa makilogalamu 40,000. Ilipira makrona 1,600,000 n'kulandira 1,200,000, ndiye kuti yataya 400,000. Yachiwiri yatulutsa makilogalamu 20,000 okha. Ilipira 800,000 n'kulandiranso 1,200,000, ndiye kuti yapindula 400,000. Boma silinatsale ndi kanthu. Ndalama zachoka kwa wa utsi wambiri kupita kwa wa utsi wochepa.

Tsopano tilowe mu ofesi ya mwini ng'anjo yakale ija. Injiniya wake wabwera ndi njira ziwiri. Yoyamba idya makrona 250,000 pachaka n'kuchotsa makilogalamu 10,000, ndiye kuti makrona 25 pa kilogalamu. Popeza kilogalamu iliyonse yochotsedwa imapulumutsa makrona 40, kampani ipulumutsa 400,000 powononga 250,000, ndipo bwana asaina tsiku lomwelo. Njira yachiwiri ichotsa makilogalamu ena 5,000 pa makrona 300,000, ndiye kuti 60 pa kilogalamu. Iyi aikana, asankha kulipira msonkho. Onani kuti m'masamu onsewa ndalama zobwezedwa sizinalowemo. Makrona 1,200,000 aja abwera ndithu, kaya achepetsa utsi kaya ayi, chifukwa amadalira mphamvu yopangidwa. Chimene chikusuntha bwanayo ndi mtengo wa kilogalamu yotsatira, ndipo mtengowo ndi 40 ngakhale boma litabweza tambala iliyonse.

Pali kachenjezo kamodzi. Ng'anjo ikachepetsa utsi, thumba la onse limachepa, ndipo gawo lake lobwezedwa limachepanso pang'ono. Kukanakhala ng'anjo ziwiri zokha zofanana m'dziko lonse, pa makrona 40 opulumutsidwa, 20 akanatayika pobweza, ndipo msonkho ukanataya theka la mphamvu yake. Koma kampani imene gawo lake ndi 2 peresenti ya mphamvu zonse imataya kochepera krona imodzi pa 40. Njirayi imafuna olipira ambiri, popanda mmodzi wamkulu kwambiri. M'dziko limene kampani imodzi imapanga pafupifupi magetsi onse, kubweza kotereku kungakhale kungodzinamiza.

Zimene zinachitika m'ng'anjo

Pakati pa 1990 ndi 1992 makampani anali ndi zaka ziwiri zokonzekera, ndipo choyamba chimene anachita chinali kuika makina oyezera. Lamulo linawakankhira kumeneko mwanzeru: wopanda makina ovomerezeka, kapena amene makina ake afa kwa nthawi yaitali, amalipitsidwa pa chiwerengero chongoikidwa chimene chili pamwamba kuposa utsi wa ng'anjo zambiri. Makinawo amayesedwanso ndi akatswiri a kunja kwa kampani kuti asanamize.

Chimene chinatsatira chinadabwitsa ngakhale mainjiniya. Kwa nthawi yoyamba woyendetsa ng'anjo ankaona pa sikirini kuchuluka kwa NOx nthawi yomweyo. Akachepetsa pang'ono mpweya wolowa, nambala inkatsika. Akasintha malo olowetsera mpweya, kapena liwiro lothirira nkhuni, inkasinthanso. Ng'anjo zambiri zinachepetsa utsi ndi kukonza kotereku kokha, kosafuna kugula chitsulo chatsopano, ndipo zina zinapezeka kuti zikupulumutsanso mafuta. Mwayi umenewu unalipo kale zaka zonsezo. Panalibe amene ankaufunafuna chifukwa chiphaso chimangonena malire, ndipo ukakhala pansi pa malirewo palibe chimene umapindula potsika kwambiri. Makampani ena anafika popereka bonasi kwa antchito malinga ndi kutsika kwa NOx.

Pambuyo pa kukonzako panabwera zogula. Ena anaika zoyatsira zimene zimalowetsa mpweya pang'onopang'ono kuti lawi lisatenthe kwambiri malo amodzi. Ena anabwezera gawo la utsi m'ng'anjo kuti uziziritse lawi. Ambiri anayamba kupopera amoniya kapena yureya, yemweyu alimi amathira m'chimanga, mu utsi wotentha pafupifupi madigiri 900 mpaka 1,000; pa kutentha kumeneko mankhwalawa amasandutsa NOx kukhala naitirojeni wamba ndi nthunzi ya madzi. Ng'anjo zazikulu kwambiri zinagula njira yodula koposa, imene utsi wosakaniza ndi amoniya umadutsa m'zisa za zitsulo zapadera zofulumizitsa kusinthako, ndipo imatha kuchotsa magawo 80 kapena 90 pa 100 alionse. Palibe lamulo limene linauza kampani iliyonse njira yoti isankhe.

Mitengo ya makina oyezera itatsika, malire anatsitsidwa kufika pa 40 GWh mu 1996 ndi 25 GWh mu 1997, ndipo ng'anjo zolipira zinachuluka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 2000, NOx wotuluka pa MWh iliyonse anali pafupifupi theka la mmene analili mu 1992. Thomas Sterner wa ku yunivesite ya Gothenburg ndi Lena Höglund-Isaksson, amene anafufuza kwambiri ziwerengero za ng'anjozi, anasonyeza kuti kutsikaku kunachokera mbali ziwiri: kufalikira kwa makina atsopano ndiponso kuphunzira kuyendetsa bwino amene analipo kale. Chilungamo chimafuna kunenanso kuti malire a m'ziphaso sanachotsedwe, choncho si kutsika konse kumene tingakupatse msonkho wokha.

Pamene nsapato ikuthina

Matani onse a NOx ochokera m'ng'anjo zolipirazi sanatsike kwambiri. Utsi pa MWh unatsika, koma ma MWh anachuluka zedi, pang'ono chifukwa ng'anjo zambiri zinalowa m'gululi, pang'ono chifukwa dziko linkapanga mphamvu zochuluka ndi nkhuni ndi zinyalala. Apa ndi pamene kubweza kumasiyana ndi zimene Pigou analemba. Msonkho wosabwezedwa umagwira ntchito pawiri: umakakamiza fakitale kuyeretsa utsi, komanso umakweza mtengo wa katundu wake kuti ogula achepetse. Kubweza malinga ndi mphamvu yopangidwa kumasunga ntchito yoyamba n'kufooketsa yachiwiri, chifukwa MWh iliyonse yowonjezera imabweretsa ndalama. Ndiponso msodzi wa pa nyanja yowawasa salandira kalikonse, ndipo laimu amagulidwabe ndi misonkho ya anthu onse. Amene amati wowononga alipire ali ndi chifukwa chodandaulira: gulu la owononga lonse pamodzi limangolipira zoyeretsera, osati chiwonongeko chotsalacho.

Komabe pamenepa n'kovuta kuwaweruza a ku Sweden. Maiko ena amene anaika msonkho wa NOx nthawi imeneyo, monga France ndi Italy, anauika wotsika kwambiri poyerekeza ndi makrona 40, ndipo mtengo wotero sungalipire makina oyeretsera. Msonkho wangwiro wa m'buku umene Nyumba ya Malamulo singauvomereze suchotsa ngakhale kilogalamu imodzi.

Vuto lachiwiri ndi lakuti chimene chili ndi mtengo ndicho chimasamalidwa, zinazo zimaiwalika. Woyendetsa ng'anjo akachepetsa mpweya mopitirira, NOx amatsika koma moto supsa bwino, ndipo mpweya wakupha uja wa CO umakwera. Akapopera amoniya wochuluka, wotsalayo amatuluka m'chumuni kapena kukakamira m'phulusa. Yureya, ndiponso ng'anjo zina zowotcha pa kutentha kotsika, zimatha kutulutsa N2O, mpweya umene suli m'gulu lolipitsidwa koma umatenthetsa dziko kuposa kaboni kambirimbiri. Woyendera fakitale wodziwa ntchito akaona NOx watsika mwadzidzidzi, amayang'ana kaye nambala za mipweya itatuyi asanayamikire. N'chifukwa chake malire a m'ziphaso amafunikabe pambali pa msonkho.

Palinso olira ndi osekerera. Malo otenthetsera madzi a m'matauni, amene ng'anjo zawo zinamangidwira ntchito imodzi yopanga mphamvu, kawirikawiri akhala olandira. Mafakitale a mapepala ndi a matabwa, amene amawotcha makungwa ndi zotsalira zonyowa m'ng'anjo zovuta kuzilamulira, kawirikawiri akhala olipira. Ndipo ng'anjo zonsezi pamodzi zimangotulutsa gawo laling'ono la NOx wa m'dzikolo. Wambiri amachokera m'magalimoto, m'zombo ndi m'makina a m'minda ndi m'nkhalango, amene sangamangiriridwe makina oyezera a mtundu uwu.

Nanga nambala ya 40 inachokera kuti? Buku limati msonkho ulingane ndi chiwonongeko cha kilogalamu imodzi. Koma ndani angawerenge mtengo wa nsomba zosaswana, mapapo a mwana ndi nkhalango yofota, pamene kilogalamu yotuluka pakati pa mzinda wa Stockholm imavulaza anthu ambiri kuposa yotuluka kumpoto kopanda anthu? A ku Sweden anayambira mbali ina. Anafunsa mainjiniya mtengo wochotsera kilogalamu imodzi m'ng'anjo zosiyanasiyana, napeza kuti ukuyambira pa makrona 3 mpaka 84, ndipo anasankha 40 poganiza kuti mtengo umenewo uchotsa matani okwanira cholinga chawo. Njira yotere inafotokozedwa mu 1971 ndi William Baumol ndi Wallace Oates: andale asankhe mlingo wa ukhondo umene dziko likufuna, kenako msonkho uikidwe pamene ungafikitse dziko pamenepo motchipa, ndipo ukalephera ukwezedwe. Misonkho yambiri imene imatchedwa ya Pigou masiku ano ndi ya mtundu umenewu.

Muyeso womwewu ungagwiritsidwe ntchito pa misonkho ya kuno kwathu. Pamene boma la Malawi linkayambitsa msonkho wa kaboni pa magalimoto mu 2019, unkalipiridwa kamodzi pachaka malinga ndi kukula kwa injini. Galimoto yogona m'galaja ndi ya injini yofanana yoyenda Lilongwe ndi Blantyre sabata iliyonse zinkalipira chimodzimodzi. Ukangolipira, kilomita yotsatira ilibenso mtengo wa utsi, choncho palibe chimene woyendetsa angasinthe mawa kuti alipire zochepa. Msonkho wotero umabweretsa ndalama m'thumba la boma, ndipo mwina umakhudza pang'ono munthu posankha galimoto yogula, koma kaboni amatsatira malita, ndiye wolingana ndi maganizo a Pigou ndi wa pa lita. Ku South Africa msonkho wa kaboni unayamba mu Juni 2019 pa marandi 120 pa tani, koma kuchotsera kosiyanasiyana kunachititsa kuti makampani azilipira pakati pa marandi 6 ndi 48 okha. Funso pa msonkho uliwonse wotere ndi lomwe lija la mu ofesi ya mwini ng'anjo: tani yotsatira ikumudyera zingati?

Ngakhale ku Sweden funsoli linafooka ndi zaka. Lamulo linalemba makrona 40 osanena zokweza mitengo ya zinthu ikakwera, ndipo nambalayo inakhala chomwecho kwa zaka 16. Malipiro a antchito, amoniya ndi zitsulo zinkakwera, pamene mtengo wa kilogalamu ya utsi unali pomwepo, moti pofika 2007 mphamvu yake inali itachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Njira zimene zinali zopindulitsa mu 1992 zinayamba kuoneka zodula, ndipo kutsika kwa utsi kunachedwa. Pa 1 Januwale 2008 boma linakweza msonkhowo kufika pa makrona 50, kumene kunali kungobwezeretsa zimene kukwera kwa mitengo kunadya. M'dziko limene mitengo imakwera ndi 20 kapena 30 peresenti pachaka, zimene zinatenga zaka 16 ku Sweden zingachitike chaka chimodzi kapena ziwiri, pokhapokha lamulo lenilenilo litanena kuti msonkho uzikwera wokha chaka chilichonse.